Uthenga wa chipepeso m'zinenero ziwiri: musamasulire, lembani kawiri

"Mnzathu wa kuofesi, bambo wachikulire amene ndinawapeza pantchito, aferedwa mayi awo usiku wathawu, ndipo maliro akaikidwa mkuja kumudzi ku Ntcheu. Andisankha kuti ndilembe uthenga wa chipepeso m'dzina la tonsefe, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, poti abwana ndi anzathu ena awiri samva Chichewa. Chingerezi ndalemba, koma ndikachitembenuza, Chichewacho chikumveka ngati kalata yochokera kubanki. Ndikulakwitsa pati?"

Mwalakwitsa poyambira. Chingerezi chimene mwalembacho chiikeni kaye pambali, musachiyang'anenso. Lembani Chichewa ngati kuti mwakhala pamphasa pafupi ndi bambowo ndipo mukulankhula nawo motsitsa mawu. Mukamaliza, lembani Chingerezi pachokha. Mauthenga awiriwa agwirizane pa mfundo, monga amene wamwalira, tsiku, malo ndi zimene ofesi ichite, koma asakakamizidwe kufanana mzere ndi mzere. Ndakhala zaka zambiri ndikumasulira zikalata, ndipo pa ntchito zonse zimene ndimalandira, ya chipepeso ndi imene ndimakana kuimasulira. Ndimapempha kuti andiuze nkhani yake, ndilembe mwatsopano.

Koma musanalembe liwu ngakhale limodzi, funsani kuti mayi amene amwalirawo ndi ati. Funsoli likumveka lopepera, koma ndi limene limachititsa manyazi maofesi ambiri. Kwathu kuno "mayi" angakhale owabereka, angakhale mayi aang'ono kapena aakulu, ndiye kuti abale ake aakazi a mayi wobereka, angakhalenso apongozi. Ndiye pali msampha wina woopsa kuposa onsewa: bambo wapabanja akamatchula "mayi" kapena "mayi a kunyumba", kawirikawiri amanena mkazi wake. Mukalemba pagulu kuti "mayi a Bambo Uje atisiya", mudzapeza ena ayamba kulira mkazi amene ali moyo, akuphikira anthu pamaliro a apongozi ake. N'chifukwa chake pa chidziwitso chopita kwa anthu ambiri timalemba kuti "mayi awo owabereka". Polankhula ndi ofedwawo mwachindunji sipafunika kutero, poti iwo akudziwa amene akulira.

Zikapezeka kuti ndi mayi aang'ono amene anawalera, m'Chichewa musachepetse kanthu, ndi mayi basi. Vuto lili m'Chingerezi, chifukwa liwu loti "aunt" kwa mzungu limamveka ngati wachibale wapatali, ndipo abwana angadabwe kuti munthu akupempheranji masiku angapo. Pamenepo mumalemba "his aunt, who raised him as a mother" pa chidziwitso cha ofesi, ndipo aliyense amamvetsa kukula kwa zovutazo.

Funsaninso ngati banja lauza kale abale onse. Kale uthenga wa maliro unkayamba wafika kwa amfumu ndi kwa eni mbumba, kenako achinyamata n'kutumidwa m'midzi. Lero foni imathamanga kuposa mwambo. Mwana wa malemu amene ali ku Joni sayenera kumva za imfa ya mayi ake pa chithunzi chimene wina wa kuofesi waika pa WhatsApp. Uthenga wopita kwa mwiniwake tumizani msanga, lero lomwe, koma wapagulu udikire mpaka ofedwawo atavomera.

Tsopano mawu. Chimene chaumitsa Chichewa chanu ndikuchidziwa ngakhale simunandionetse. Chingerezi cha chisoni chimakonda maina a zinthu: chisoni chakuya, chipepeso chochokera pansi pa mtima, kutayika kwa wokondedwa. Chichewa chimayenda ndi aneni, chimanena zimene zachitika ndi zimene tikuchita: tamva, pepani, tikulira nanu, tikubwera. Mukatenga "sorry for your loss" n'kulemba "pepani chifukwa cha kutaya kwanu", mwalemba chinthu chimene palibe munthu anachinenapo pasiwa. Inde timanena kuti "tataya munthu wofunika", koma "kutaya kwanu" kumamveka ngati munthu wagwetsa chikwama mu minibasi. Momwemonso "chonde landirani chipepeso chathu chakuya". Chipepeso chimene munthu amalandira ndi manja awiri ndi ndalama, ufa kapena nkhuku, choncho mukalemba motero wowerenga amayang'ana mu envelopu.

Liwu loti "pepani" ndi lokwanira palokha, ndipo silifuna kukongoletsedwa. Silitanthauza kuti mwalakwa, monga mmene timanenera kwa munthu amene wapunthwa patali ndi ife. Limangosonyeza kuti ululu wake tauona. "Pepani kwambiri" kapena "pepani ndithu" ndi pamene pamathera. Akuluakulu ena amangoti "mwakumana nazo", n'kukhala chete, ndipo chete ameneyo ndi gawo la uthenga.

Pa imfa yeniyeniyo, "afa" musalembe. Liwu limenelo timanenera mbuzi ndi nkhuku, ndipo likanenedwa pa kholo la munthu limabaya. "Amwalira" ndi laulemu ndipo ndi lomveka kwa aliyense, n'chifukwa chake limayenera pa chidziwitso. "Atisiya" ndi lofewa, ndipo lili ndi ubwino wina: kachilembo ka "ti" kamakulowetsani inuyo m'gulu la osiyidwa, kusonyeza kuti malirowo ndi anunso. "Atsikira kuli chete" ndi Chichewa chokoma, koma chimakhala bwino pakamwa pa wolankhula pamwambo kapena pawailesi, pa uthenga wa pafoni chimaoneka ngati mukudzionetsera. Samalaninso ndi nthawi ya mneni. "Amwalira" kapena "atisiya" amasonyeza kuti nkhaniyo ikadali yaiwisi, pamene "adamwalira" amaikankhira kutali ngati ya chaka chatha. Liwu loti "malemu" ine ndimalisunga mpaka maliro ataikidwa kapena pa chidziwitso cha pagulu. Kwa mwana amene mayi ake anali moyo dzulo, kuwatchula kuti malemu m'mawa mwake n'kufulumira.

Ulemu wake ndi wa "inu", "anu", "awo" kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale akanakhala mnzanu wa msinkhu umodzi amene mumatchulana "iwe" pa nkhomaliro. Womwalirayo ndiye sasintha n'komwe: ndi "mayi atisiya", osati "wamwalira". Dzina loyamba la bambo wachikulire musalilembe. Lembani "Bambo" kapena "a" kutsogolo kwa dzina la makolo, ndipo ngati kuofesi mumawaitana ndi mfunda wawo, monga a Phiri kapena a Banda, kapena kwa mayi Naphiri ndi Nabanda, gwiritsani ntchito umenewo, chifukwa umafika pamtima kuposa udindo wa pantchito.

Nachi chitsanzo cha nkhani yanuyi. Pamene ndalemba "Uje" muikepo dzina.

"Bambo Uje, tamva zovuta zimene zakugwerani, kuti mayi atisiya usiku wathawu. Pepani kwambiri. Tonse kuno kuntchito tikulira nanu. Ambirife mayi sitinawaonepo, koma tinkawadziwa kudzera mwa inu, mmene munkathamangira kumudzi mwezi ndi mwezi kukawazonda. Za ntchito musade nazo nkhawa, tagawana kale. Anzanu anayi anyamuka mawa m'mawa kudzagona nanu pasiwa ndi kudzaperekeza mayi, ndipo atenga kachipepeso kochokera kwa tonsefe. Mutipepesereko kwa mayi a kunyumba, ana ndi abale onse. Ambuye akutonthozeni ndi kukupatsani mphamvu. Ndife anzanu a kuntchito."

Taonani mmene wayendera. Sunayambe ndi moni wa "muli bwanji", chifukwa munthu woferedwa safunsidwa zimenezo, wayamba ndi "tamva". Ndalemba "mayi" osati "mayi anu", ndipo ndachita dala: mayi wa mnzako ndi mayi wako, ndipo kuchotsa "anu" kumachotsa mpanda pakati pa inu ndi iwo. Apa sipangakhale chisokonezo chija, poti kumapeto mkazi wawo watchulidwa padera.

Chiganizo chonena za kuthamangira kumudzi ndicho mtima wa uthenga wonse, ndipo ndi chokhacho chimene sindingakulembereni. Changa ndangopeka kuti muone malo ake. Inu ikanipo chinthu chimodzi choona chimene mukudziwa. Kapena mayiwo ankatumiza mbatata ya kachewere ya ku Ntcheu imene munkagawana muofesi, kapena anabwera pa ukwati wa mwana wawo n'kukupatsani moni mmodzimmodzi. Ngati simukudziwa kanthu, chotsani chiganizocho. Musalembe kuti "anali mayi wachikondi kwa aliyense" za munthu amene simunamuonepo, ofedwa amazindikira mawu ongodzazira malo.

Ndiye pali chiganizo cha anthu anayi amene akubwera. Pa Chichewa, uthenga wa chipepeso wopanda mapazi ndi theka la uthenga. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo chimene munthu amakumbukira patapita zaka si kukoma kwa mawu, koma amene anafika, amene anagona panja pamoto, amene anaponya dothi. Choncho nenani zenizeni: angati, liti. Koma lonjezani zokhazo zimene zatsimikizika. Ngati galimoto ya ofesi sinavomerezedwe, musalembe kuti mukubwera. Ine ndinalembapo m'dzina la anzanga kuti "tonse tidzakhala nanu", galimoto n'kukanika, ndipo amene tinafika tinali awiri. Banja linali litatisungira malo ndi chakudya cha anthu ambiri, ndipo wolengeza atatchula dzina la kuntchito kwathu anthu anatembenuka kufunafuna gululo. Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga mitu ndisanalembe.

Mwaonanso kuti ndalemba "kachipepeso" osatchula ndalama zake. Kuchepetsa mphatso yako ndi ulemu wathu, ngakhale itakhala yochuluka. Chiwerengero chili ndi malo ake ena. Tiyerekeze kuti muli anthu 18 ndipo aliyense wasonkha K5,000, zonse pamodzi K90,000. Ndalamazo ziikeni mu envelopu, pamwamba mulembe dzina la kuntchito ndi chiwerengerocho, chifukwa pamaliro ambiri pamakhala wolemba zipepeso m'kope ndipo zimalengezedwa pagulu. Maina a osonkha ndi zimene aliyense wapereka zikhale m'kope la ofesi, zisalowe mu uthenga. Ngati mukutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, funsani kaye nambala imene banja lasankha, onjezerani yochotsera kuti ndalamazo zifike zathunthu, ndipo uthenga wa ndalama ukhale wapadera, ubwere pambuyo pa wa chisoni. Kuyamba ndi "tatumiza zakuti, tsimikizani ngati zafika" musananene pepani ndi mwano, ngakhale mtima wanu uli wabwino.

Chingerezi chake chingakhale chotere:

"Dear Mr Uje, we were deeply saddened to hear of the passing of your mother last night. Please accept our heartfelt condolences, to you and to the whole family. Your work is covered, so take the time you need. Four of us will travel to Ntcheu tomorrow to be with you at the funeral. With sympathy, your colleagues."

Nchachifupi kuposa Chichewa, ndipo n'koyenera kutero. Siwa mulibe, chifukwa kulongosola kugona pamaliro kwa munthu wosaudziwa mwambowo kungafune ndime yonse, ndipo uthenga si malo ophunzitsira. Kachipepeso mulibenso, poti kwa azungu ambiri kutchula ndalama m'kalata ya chisoni n'kwachilendo. Abwanawo muwafotokozere pakamwa za msonkhemsonkhe, ndipo nthawi zambiri amakondwa kuuzidwa m'malo mongodabwa envelopu ikuzungulira. Muonenso kuti mawu amene ndinawakana m'Chichewa, a kulandira chipepeso chochokera mumtima, m'Chingerezi akhala bwinobwino. Kwawo ndi kumeneko.

Chingerezi chathu cha ku Malawi chili ndi zizolowezi ziwiri zoti musamale nazo pano. Timakonda kunena kuti "his mother is late" kutanthauza kuti anamwalira, koma mlendo amamva kuti mayiwo achedwa kufika. China ndi zidule za RIP ndi MHSRIP zimene zadzaza m'mafoni. Pagulu la anzanu zilibe kanthu, koma pa uthenga wa ofesi wopita kwa bambo wachikulire, zilembo zisanu ndi chimodzi zimaoneka ngati munalibe nthawi yolemba mawu athunthu. Tizithunzi ta nkhope zolira natonso tisiyeni.

Mawu a chipembedzo ndi pamene pamafunika kudziwa munthu wanu. "Mzimu wawo uuse mumtendere" tinawazolowera kwambiri moti timaiwala kuti si onse amawalandira. Kwa Akatolika ndi Aangilikani ndi pemphero lenileni, ndipo mipingo ina yambiri imawamva bwino. Koma a Seventh Day ndi a Mboni za Yehova amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu mpaka tsiku la kuuka, choncho kwa iwo mawu oyenera ndi a chiyembekezo cha kuuka kwa akufa, osati a mzimu umene ukupuma kwina. Ngati mnzanuyo ndi Msilamu, "Ambuye" musinthe mulembe "Mulungu" kapena "Allah", vesi la m'Baibulo musaikemo, ndipo fulumirani, chifukwa Asilamu amaika maliro msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena lotsatira. Mawu a Chiarabu amene iwo amanena akamva za imfa asiyireni Asilamu anzawo a muofesi, inu "pepani" wanu ndi wokwanira. Mukakhala kuti simukudziwa kumene amapemphera, pemphererani amoyo: "Mulungu akutonthozeni" sakhumudwitsa Mkhristu kapena Msilamu.

Mukafuna vesi, limodzi lokha. Masalimo 34:18, lonena kuti Mulungu ali pafupi ndi osweka mtima, kapena Mateyu 5:4, lonena za achisoni amene adzasangalatsidwa, amakwana. Likopereni kuchokera m'Baibulo lenileni la Chichewa, musalimasulire nokha kuchokera ku Chingerezi, chifukwa anthu mavesiwa anawaloweza ndipo liwu limodzi likasintha amamva. Dziwaninso kuti Buku Lopatulika limatchula dzina la Mulungu kuti Yehova pamene Buku Loyera limati Chauta, ndiye tengani limene mnzanuyo amamva kutchalitchi kwawo.

Pali mawu ena amene amatuluka pakamwa mosavuta koma polemba amaluma. "Anali atakalamba, apumule" ndi oona mwina, koma amene ali ndi ufulu wonena zimenezo ndi ana awo, osati ife. Munthu wa zaka 55 akaferedwa mayi wa zaka 85 amakhalabe mwana wamasiye tsiku limenelo. "Limbani mtima, musalire" ndi ofala, koma kulira ndiye mwambo wake wa maliro, ndipo bambo amene ali mutu wa banja amauzidwa kale zimenezo ndi aliyense. "Chinali chifuniro cha Mulungu" asiyireni abusa. Matenda musawatchule, ndipo musafunse kuti chachitika n'chiyani, akafuna adzafotokoza okha mukakakhala nawo pansi. Miyambinso samalani nayo. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe" ndi mwambi wolimbikitsa anzanu kuti asonkhe ndi kupita kumaliro, koma ukalowa mu uthenga wa kwa ofedwa umamveka ngati mukuwerengera za inu eni.

Poika mauthenga awiriwa pa khadi kapena pa kalata imodzi, Chichewa chikhale pamwamba, Chingerezi pansi, popanda kulemba kuti ichi ndi chomasulira. Chifukwa chake n'chakuti khadilo silithera m'manja mwa mnzanuyo. Likafika kumudzi limawerengedwa mokweza pamaso pa amalume, azakhali ndi amfumu, ndipo amenewo ndiwo adzaweruze ngati mwana wawo amagwira ntchito ndi anthu. Abwana asaine m'munsi pamodzi ndi onse. Akafuna kulemba "Pepani" ndi dzanja lawo, alimbikitseni, liwu limodzilo lochokera kwa mlendo limakambidwa pamudzi.

Chidziwitso chopita kwa ogwira ntchito anzanu ndi chinthu china, musachiphatikize ndi chipepeso. Chimenecho ndicho chimanyamula tsatanetsatane: mayi awo owabereka a Bambo Uje amwalira, thupi linyamuka kuchokera kwakuti nthawi yakuti, mwambo woika m'manda uchitika tsiku lakuti m'mudzi wakuti, kwa mfumu yaikulu yakuti, boma la Ntcheu, ndi dzina la amene akulandira msonkhemsonkhe. Apa ndiye Chichewa ndi Chingerezi zifanane ndendende, makamaka masiku ndi maola. Musalembe "mawa" kapena "mkuja" pa chidziwitso, lembani dzina la tsiku ndi deti, poti ena adzachiwerenga m'mawa mwake n'kusokoneza. Mudzi utchulidwe pamodzi ndi potsikira pamsewu waukulu, chifukwa "ku Ntcheu" kokha kungakhale ku Tsangano kumapiri kapena ku Bwanje kuchigwa, ndipo ndi maulendo awiri osiyana. Mukumbutsenso amayi amene akupita kuti atenge zitenje, ndipo mlendo amene watsagana nanu mumuuziretu kuti pasiwa amayi amakhala m'nyumba, abambo panja.

Uthengawo mukatumiza pafoni, musayembekeze yankho ndipo musaimbe kufunsa ngati auona. Foni ya munthu woferedwa imakhala m'manja mwa mphwake, iye ali pakati pa za bokosi, galimoto ndi chakudya cha adzukulu okumba manda. Ndi chifukwa chakenso ndinaika dzina la gulu kumapeto: wowerenga akhoza kukhala munthu amene nambala yanu saidziwa.

Tsiku limene adzabwerere kuntchito, amene sanapite kumaliro asangowapatsa moni wa masiku onse ngati palibe chachitika, poganiza kuti khadi linawalankhulira. Aliyense apite pa tebulo lawo, awagwire dzanja, anene kuti "pepani ndi zovuta zija, tinamva". Bambowo adzayankha kuti "zikomo, zinachitikadi", mwina n'kufotokoza pang'ono mmene mayi anadwalira, ndipo mafayilo muwapatse pambuyo pake.